Kusiyanitsa Msampha wa Wyckoff ndi Kupuma kwa Mtengo

Njira ya Richard Wyckoff, katswiri wa msika wa masheya ku America amene anamwalira mu 1934, imaphunzitsa kuti ogula akuluakulu amasonkhanitsa masheya mwakachetechete m'magawo asanu, A mpaka E. Kugwa kukaima, mtengo umazungulira pakati pa malire awiri kwa nthawi yaitali. M'gawo C ndi momwe muli msampha wotchedwa sipuling'i: mtengo umaboola malire apansi, amantha n'kugulitsa, koma posakhalitsa umabwereranso.

Tiyerekeze kuti malirewo ndi madola 50. Mtengo ukafika pa 48, n'kubwerera msanga pa 51, kenako n'kutsikanso pang'ono osafika pa 48, masheya ogulitsidwa ali ochepa, ndiye kuti ogulitsa atheratu. Kupuma wamba kumakhala kwakufupi. Mtengo ukaboola umakhazikika pansipo, ogulitsa akuchuluka, ndipo ukayesa kukwera umakanika pa 50 pomwepo.