Chinang'ambika n'chiyani, chitsulo kapena paipi?

Alamu anga ndi alembi a komiti ya mjigo kumudzi kwawo. Mjigowo ndi wa Afridev, uja timauona m'midzi yambiri kuno kwathu, wokhala ndi zitsulo zolumikizana zomwe zimakwera ndi kutsika m'kati mwa mapaipi apulasitiki. Utasiya kutulutsa madzi, komiti inawatuma kuti alembe lipoti m'Chingerezi lopita ku bungwe lomwe linawakumbira. Anandibweretsera pepalalo madzulo ena, nati, "Alamu, tangondionerani masipelo, zinazo zili bwino."

Masipelo onse anali olondola. Koma nditawerenga kawiri, sindinathe kudziwa chomwe chinawonongeka, yemwe anatsegula mjigo, kapena yemwe ankadandaula. Chiganizo chomwe chinandiimitsa choyamba chinali ichi: "The rod was rubbing against the pipe and it cracked."

Ndinawafunsa kuti chinang'ambika n'chiyani. Anandiyang'ana modabwa, nati, "Paipi, alamu. Si ndalemba pomwepo?" Ndinawapempha kuti anene chiganizocho m'Chichewa. Sanazengereze: "Chitsulo chinkakwecha paipi mpaka inang'ambika." M'Chichewa chawocho munalibe chokayikitsa. Kachilembo ka "i" pa mawu akuti "inang'ambika" kakuloza paipi. Chikanang'ambika chitsulo, akananena kuti "chinang'ambika". Ife sitilingalira n'komwe za zimenezi, chifukwa mneni aliyense wa Chichewa amayenda atanyamula chizindikiro cha gulu la dzina lomwe akulikamba. Akatswiri a zilankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo analemba za nkhaniyi mu 1987, kuonetsa kuti tizindikiro timeneti timatha kugwira ntchito ya alowam'malo m'kati mwa mneni momwemo.

Chingerezi chilibe chuma chimenechi. Chitsulo ndi "it", paipi ndi "it", mjigo ndi "it", mvula, ngongole ndi mbuzi zonse ndi "it". Munthu woganiza m'Chichewa akamalemba "it", m'mutu mwake mumamveka "i" kapena "chi", ndipo amaona ngati wauza wowerenga. Papepala pamangofika "it" wopanda chizindikiro. Woipanso n'ngwakuti owerenga Chingerezi ambiri amakonda kuganiza kuti mlowam'malo akuimira mwininkhani wa gawo loyamba la chiganizo, amene pano ndi chitsulo. Wa ku ofesi uja akanatha kutumiza chitsulo chatsopano kumudzi komwe kunkafunika paipi.

Mankhwala ake si ovuta. Pomwe mayina awiri akulimbirana mlowam'malo mmodzi, chotsani mlowam'maloyo mubwereze dzina: "The rod was rubbing against the pipe, and the pipe cracked." Alamu anakwinya pamphumi, nati aphunzitsi awo ankaletsa kubwereza mawu. Aphunzitsiwo sanalakwe kwenikweni, chifukwa ndime yongoti paipi, paipi, paipi imatopetsa. Koma mu lipoti lopempha chipangizo, ine ndisankha kutopetsa wowerenga pang'ono kusiyana ndi kumusokeretsa. Ngati kubwerezako kukuwawa m'khutu, chiganizo chitha kumangidwanso kuti dzina limodzi lokha litsale pafupi ndi mneni: "The pipe cracked where the rod was rubbing."

Ndisanamize: Chichewa nachonso chimagwa mumsamphawu mayina awiri akakhala a gulu limodzi. Tikati "Mbuzi inagunda nkhosa ndipo inagwa", palibe angalumbire kuti inagwa ndi iti. Kungoti kwa ife zimachitika mwa apo ndi apo, pomwe m'Chingerezi zimatha kuchitika paliponse pamene zinthu ziwiri zakumana m'chiganizo.

Chiganizo chachiwiri chinali ndi vuto lochokera ku ulemu wathu. Alamu analemba kuti: "The chairlady met the mechanic. They said he did not come in time." Wowerenga wa Chingerezi akaona "they" apa amafunafuna anthu awiri kapena kuposa. Aganiza kuti wapampando ndi makaniko ananenera limodzi, kenaka asowa kuti "he" ndiye ndani. Koma alamu ankatanthauza mayi wapampando yekha. Ndi mayi wachikulire, ndipo m'kamwa mwa alamu sangakhale "iye". Ndi "iwo", ndipo "iwo" atawoloka kupita ku Chingerezi anasanduka "they". N'zoona kuti Chingerezi chimalola "they" kuimira munthu mmodzi, makamaka pamene sakudziwika kuti ndi mwamuna kapena mkazi, koma "they" wa ulemu mulibe m'chilankhulocho. Mayi wapampando ndi "she", ngakhale ali ndi zidzukulu khumi, ndipo palibe mwano pamenepo. Ulemu wa m'Chingerezi umaonekera potchula udindo wa munthu kapena dzina lake moyenera. Tinakonza kuti: "She said he did not come in time."

Pa "she" ndi "he" pamafunikanso diso lapadera. Mlowam'malo wathu "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, choncho dzanja limatha kulemba "he" pomwe mutu ukuganiza za mayi, ngakhale kwa munthu wodziwa bwino Chingerezi. Polankhula anthu amangomva n'kupitirira. Papepala lokamba za mayi ndi bambo, kuterereka kamodzi kokha kumasamutsa mlandu kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake.

Chiganizo chachitatu ndi chomwe tinakhalapo nthawi yaitali, mpaka tiyi anazizira. Chinali chotere: "After removing the rods, the pipe was found to be cracked." Chimamveka chaulemerero, cha mu ofesi, ndipo alamu ankachinyadira. Ndinawafunsa kuti anachotsa zitsulo ndani. Anati makaniko. Ndinawapempha kuti andilozere makanikoyo m'chiganizomo. Anayendetsa chala kuchokera kumanzere mpaka kumanja, osamupeza.

Nali gwero la vutoli. M'Chichewa timati "Atachotsa zitsulo, paipi inapezeka yong'ambika", kapena "Titachotsa zitsulo", kapenanso "Nditachotsa zitsulo". Mbali yoyambayo imadziimira yokha chifukwa "a", "ti" ndi "ndi" akutiuza kale wochita ntchitoyo. Mbali yachiwiri itha kuyamba ndi paipi, mvula kapena china chilichonse, ndipo palibe chosokonekera. Koma mawu a Chingerezi othera ndi "ing", monga "removing", alibe mwini. Ali ngati mwana wosochera pamsika amene amagwira dzanja la wamkulu aliyense waima pafupi. Lamulo la Chingerezi cholemba ndi lakuti kapandamneni wotere akatsogola, mwini wake ndi mwininkhani wa gawo lalikulu la chiganizo, amene kawirikawiri amakhala dzina lobwera pambuyo pa mpatuliro. William Strunk analiika lamuloli m'kabuku kake ka malangizo a kalembedwe ka 1918, ndipo akonzi a zolemba akulitsatirabe. M'chiganizo cha alamu, dzina lobwera pambuyo pa mpatuliro ndi paipi. Mwa malamulo, paipi ndiyo inachotsa zitsulo.

Wina anganene kuti palibe wamisala angakhulupirire kuti paipi inachotsa zitsulo, ndipo n'zoona. Anthu obadwira m'Chingerezi nawonso amalakwitsa chimodzimodzi, owerenga n'kumangodutsa. Chondidetsa nkhawa ine si kuseketsa kwa chiganizocho. Ndi dzenje lomwe chimasiya. Wowerenga akakana kuti si paipi, amatsala wopanda munthu, ndiye amadziikira wake. Wa ku bungwe atha kuganiza kuti a komiti anatsegula okha mjigo popanda mmisiri, n'kuyamba kuwakayikira kuti mwina ndiwo anang'amba paipiyo.

Pali njira ziwiri zokonzera, ndipo tinayesa zonse. Yoyamba ndi kusiya mbali yotsogola momwe ilili, n'kubweretsa mwini wake pambuyo pa mpatuliro: "After removing the rods, the mechanic found that the pipe was cracked." Yachiwiri ndi kupatsa mbali yotsogolayo mwini wakewake, monga momwe Chichewa chimachitira: "After the mechanic removed the rods, we saw that the pipe was cracked." Njira yachiwiriyi ndi yomwe ndimalangiza anthu athu, chifukwa imayenda m'mapazi a chiganizo chomwe chili kale m'mutu mwawo, ndipo imalola kuti wochotsa zitsulo ndi woona mng'alu akhale anthu osiyana. Alamu anasankha yachiwiriyo chifukwa mng'aluwo anauona onse a komiti ndi maso awo. Chomwe sichithandiza ndi kungosuntha kapandamneniyo kupita kumapeto kwa chiganizo. Makaniko amakhala akusowabe.

Mukaonetsetsa, chomwe chinabisa makaniko ndi kalembedwe kaja ka "was found", kobisa wochita ntchito. Ambiri tinaphunzira kuti lipoti labwino silinena kuti "ine" kapena "ife", ndiye timathawira ku "zinapezeka", "zinaganiziridwa". Kapandamneni wopanda mwini akakumana ndi mneni wobisa wochita, chiganizo chonse chimatha popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Poona zolemba za wina, ine ndimayamba kusaka malo amenewa. Pali mawu ochepa omwe Chingerezi chinawalekerera kuti aziyenda opanda mwini, monga "generally speaking" ndi "considering", ndipo amenewo musavutike nawo.

Mzere womaliza wa alamu unali waufupi: "This made people angry." M'ndime yomweyo munali paipi yong'ambika, makaniko wochedwa, ndi ndalama za zopereka zomwe zinali zitatha. "This" ankatha kuloza chilichonse mwa zitatuzi. Nditafunsa, anati anthu anakwiya ndi kuchedwa kwa makaniko, popeza amayi anabwerera kukatunga kudambo. Tinangoonjezera dzina limodzi: "This delay made people angry." Mawu ngati "this" ndi "that" akayamba chiganizo ali okha, yesani kuwapatsa dzina. Mukalephera kupeza dzina loyenera, ndiye kuti inunso simunatsimikize chomwe mukuloza, ndipo vuto lili m'ganizo, osati m'Chingerezi.

Tisanasiyane, tinadutsanso pepala lonse ndi pensulo. Alamu ankazunguliza mlowam'malo aliyense, n'kujambula kamuvi kopita ku dzina lomwe akuimira. Pomwe kamuvi kanali ndi kopita kuwiri, tinkabwezera dzina. Pa chiganizo chilichonse choyamba ndi mawu a "ing" ankachinena mokweza m'Chichewa, chifukwa Chichewa sichikulola kudutsa usanasankhe pakati pa "ata", "tita" ndi "ndita". Akasankha, tinkayang'ana ngati munthu amene wamutchulayo alipodi papepala. Pa tsamba limodzi ndi theka tinapeza malo asanu ndi awiri. Anakopera lipotilo papepala loyera usiku womwewo, ndipo m'mawa mwake analipereka kwa mayi wapampando kuti asaine.