Njira ya Dinitz Yofulumizira Kupeza Mayendedwe Ochuluka

Pa ukonde wa mapaipi ochoka pa gwero s kukafika pa mathero t, paipi iliyonse imakhala ndi malire a madzi omwe ingatenge. Ndondomeko ya Ford ndi Fulkerson ya 1956 imapeza madzi ochuluka omwe angadutse posaka njira yomwe idakali ndi mpata, kuthiramo madzi, kenaka kusakanso ina. Kuchedwa kwake kumabwera chifukwa chakuti njira iliyonse imafuna kusaka kwatsopano. Mu 1970 Yefim Dinitz anaonetsa kuti njira zonse zofanana kutalika zingadzazidwe mu gawo limodzi.

Gawo lililonse limayamba ndi kusaka kwa BFS, komwe kumapatsa mphambano iliyonse mulingo wosonyeza kutalikirana kwake ndi s. Mapaipi ololedwa ndi okhawo omwe ali ndi mpata ndipo akukwera mulingo umodzi. Kenaka DFS imathira madzi mpaka njira iliyonse yololedwa itakhala ndi paipi yodzaza. Amenewa ndiwo mayendedwe otseka njira.

Chitsanzo ndi ukonde wa malire awa: s→a 3, s→b 2, a→t 2, b→t 3, a→b 1. Poyamba a ndi b zili pa mulingo 1, t pa mulingo 2, choncho paipi ya a→b imasiyidwa. Njira ya s→a→t imatenga 2, ya s→b→t imatenganso 2, ndipo zonse zatsekeka pa 4. Koma kutsekeka sikutanthauza kuti madzi afika pachimake. BFS yachiwiri imapeza s→b yodzaza, motero b imapita pa mulingo 2, t pa mulingo 3. Tsopano s→a→b→t imatenga 1, zonse pamodzi 5. BFS yachitatu siifika pa t, ndipo ntchito yatha.

Chomwe chachitika kwa t pano chimachitika nthawi zonse: gawo likatha, mulingo wake umakwera. Popeza mulingo sungafike pa V, chiwerengero cha mphambano, magawo sapitirira V−1. Gawo limodzi limadya nthawi ya O(VE), pomwe E ndi chiwerengero cha mapaipi, ndipo zonse zimakwana O(V²E). Ndondomeko ya Edmonds ndi Karp ya 1972, yosaka njira imodziimodzi, imadya O(VE²).

Polemba pulogalamu, zinthu ziwiri zimalakwika kawirikawiri. Choyamba, mphambano iliyonse iyenera kukumbukira paipi yomwe inalekezera, kuti DFS isabwererenso ku paipi yodzaza kapena yosapita kulikonse. Chikumbutsochi chikaiwalika, yankho limakhala lolondola koma pulogalamu imakwawa pa ukonde waukulu. Chachiwiri, madzi akathiridwa mu paipi, mpata wofanana nawo uyenera kutsegulidwa mobwerera, kuti madzi olowera kolakwika athe kubwezedwa. Popanda mpatawu yankho likhoza kuchepa, ndipo zimadziwika poliyerekeza ndi malire onse a mapaipi otuluka m'chigawo chomwe BFS yomaliza yafika: ziwirizi ziyenera kufanana.