Mapanga Awiri Avumbwitsa: Mmene Tidziwira Mndandanda wa Manambala Wosakhazikika

Tengani pepala mulembe manambala awa motsatizana: 1/2, 2/3, 3/4, 4/5, 5/6, ndipo mupitirize choncho osalekeza. Simuchedwa kuona kumene akulowera. Nambala ya nambala 99 ndi 99/100, ndipo kagawo kotsala kuti ifike pa 1 ndi kochepa kwambiri. Mndandanda wosatha wotere akatswiri a masamu amautcha sikwensi, ndipo nambala imene ukuyandikira, pano 1, amaitcha limiti. Mndandanda wokhala ndi limiti timati wakhazikika.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha. Nambala yoyamba, yachitatu, yachisanu ndi zina zotero tiziike pansi pa ziro, zinazo zikhale mmene zinalili:

−1/2, 2/3, −3/4, 4/5, −5/6, 6/7, …

Mwachidule lamulo lake limalembedwa kuti aₙ = (−1)ⁿ × n/(n+1), pomwe n akuimira malo a nambalayo pamndandanda. Kodi uwu ukulowera kuti? Maso akutiuza kale kuti ukungodumpha uku ndi uko. Koma m'masamu kuona sikokwanira, pamafunika umboni. Vuto lake ndi lakuti kunena kuti mndandanda ulibe limiti ndi kukana manambala onse a padziko nthawi imodzi: si 1, si ziro, si 0.37, si ina iliyonse. Munthu sangayese imodziimodzi mpaka kuzimaliza.

Njira yachidule ilipo, ndipo ine ndimaikonda chifukwa ndi mizere yochepa chabe imatseka makomo onsewo. Pamndandandawo timatapapo timindandanda tiwiri. Kutapa kwake kuli ndi malamulo: mutha kudumpha manambala ambiri mmene mufunira, koma musasokoneze dongosolo lake, musabwerere m'mbuyo, ndipo zomwe mwatapazo zikhale zosatha. Kamndandanda kotere ndiko amati sabusikwensi.

Choyamba titape manambala okhala pamalo ogawika ndi 2, kutanthauza malo achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi. Tipeza 2/3, 4/5, 6/7, ndipo pamalo a 100 pali 100/101. Mpata wa pakati pa nambala iliyonse ndi 1 ndi 1/(n+1). Pamalo a 100 mpatawo ndi 1/101, pamalo a 1,000 ndi 1/1,001, ndipo ungachepe mpaka pomwe mufunira malinga mupite patsogolo mokwanira. Kamndandanda aka kakhazikika pa 1. Kenaka titape otsalawo: −1/2, −3/4, −5/6, mpaka −99/100 ndi kupitirira. Mpata wa pakati pa awa ndi −1 nawonso ndi 1/(n+1), choncho akhazikika pa −1. Timindandanda tiwiri ta m'mimba imodzi tafika kosiyana, ndipo umboni watha pomwepo: mndandanda wonsewo ulibe limiti.

Chifukwa chiyani zimenezi zikukwanira? Apa ndipo pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono. Tikati mndandanda wakhazikika pa nambala L, sititanthauza kuti umafikako mwa apo ndi apo ngati mlendo. Tikutanthauza kuti mukamanga kampanda kuzungulira L, kaya kachepe bwanji, pali malo ena pamndandanda pomwe kuchokera apo manambala onse amakhala m'kati mwa kampandako, osatulukanso ngakhale imodzi. Ngati onse ali m'kati, ndiye kuti aliwonse amene mungatape kuchokera pamenepo alinso m'kati. Motero kamndandanda kalikonse kotapidwa pa mndandanda wokhazikika kayenera kukhazikika pa L yemweyo.

Tiyese ndi manambala athu. Tingoyerekeza kuti L alipo, ndipo kampanda kathu kafike theka kumanzere kwa L ndi theka kumanja, kutambalala kwake konse kukhale 1. Manambala awiri aliwonse okhala m'kati sangatalikirane kuposa 1. Koma pamndandanda wathu, nambala iliyonse ya pamwamba pa ziro siichepera 2/3, ndipo iliyonse ya pansi pa ziro siikwera kuposa −1/2. Ziwiri zoyandikana zimatalikirana ndi 7/6 kapena kuposa apo, ndipo 7/6 ndi wamkulu kuposa 1. Kampandako mukakaike paliponse, sikangasunge zonse ziwiri. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mndandanda uwu nawo ukuthamangira mapanga awiri mpaka muyaya osakhala m'limodzi.

Kumveka bwino kwa mfundoyi kudatenga nthawi. M'chaka cha 1703, wansembe wa ku Italiya, Guido Grandi, adalemba za kuphatikiza kosatha 1 − 1 + 1 − 1 + …, ndipo adaganiza kuti yankho lake ndi theka. Mukamaphatikiza pang'onopang'ono mumapeza 1, 0, 1, 0, osasintha. Ndi njira yathuyi nkhani ndi yaifupi: kamndandanda kena kali pa 1, kena pa ziro, choncho limiti palibe. Theka lili pakati ndithu, koma zotsatirazo sizilifika pafupi ngakhale kamodzi. Tanthauzo la limiti lidayamba kulongosoka ndi buku la Augustin-Louis Cauchy la ku Faransa, la m'chaka cha 1821, ndipo Karl Weierstrass wa ku Jeremani adalikhwimitsa pambuyo pake.

Ophunzira ambiri amapunthwa poganiza kuti kudumpha kokhako ndi umboni. Onani −1, 1/2, −1/3, 1/4, −1/5. Nawonso ukudumpha uku ndi uko, koma tapani mbali zonse ziwiri muone: 1/2, 1/4, 1/6 akutsikira ku ziro, ndipo −1, −1/3, −1/5 akukwerera ku ziro yemweyo. Mndandanda uwu wakhazikika. Choyenera kusiyana ndi komwe timindandandato tikukathera, osati manambala oyambirira.

Kupunthwa kwina ndi kotembenuza njirayi. Timindandanda tiwiri tikagwirizana, musafulumire kunena kuti wonse wakhazikika. Pa 0, 1, 0, −1, 0, 1, 0, −1, mutha kutapa malo 1, 5, 9 mupeze ziro okhaokha, mutapenso malo 3, 7, 11 mupezenso ziro okhaokha. Mwagwirizanitsa mboni ziwiri, koma mwasiya kunja malo 2, 6, 10 omwe ali pa 1, ndi malo 4, 8, 12 omwe ali pa −1. Kugwirizana kumathandiza pokhapokha timindandanda tanu taphimba malo onse, monga zimachitikira mukatapa ogawika ndi 2 pamodzi ndi osagawika.

Palinso pomwe njirayi siigwira. Mndandanda wa 1, 2, 3, 4 ulibe limiti, koma simungatapepo kamndandanda ngakhale kamodzi kokhazikika, chifukwa kalikonse kamangokula. Apo umboni ndi wina: mndandanda wokhazikika umakhala ndi malire, ndipo uwu ulibe. Koma mndandanda ukakhala ndi malire kumwamba ndi kumunsi, monga wathu uja wa pakati pa −1 ndi 1, lamulo lotchedwa ndi maina a Bolzano ndi Weierstrass limatitsimikizira kuti ngati sunakhazikike, timindandanda tiwiri ta malimiti osiyana tilipo ndithu.

Choncho mukakumana ndi funso lotere, yambani mwalemba manambala khumi oyamba ndi dzanja. Mukaona (−1)ⁿ, siyanitsani malo ogawika ndi 2 ndi osagawika. Mukaona kuti zinthu zikubwereza pakatha malo atatu kapena anayi, tapani modumpha atatu kapena anayi. Kenaka werengerani limiti ya kamndandanda kalikonse pakokha, ndipo mulembe poyera kuti malimiti awiriwo ndi osiyana, chifukwa popanda mzere umenewo umboni wanu sunathe.