Kankhani Kophunzitsira -nka-

Munthu amene wangoyamba kuphunzira Chichewa sachedwa kugwira "ndinapita". Chimene chimamuvuta ndi kunena zinthu zomwe zinali mkati mochitika. M'malo momulongosolera malamulo, mphunzitsi angamuwerengere kankhani aka:

"Dzuwa linkalowa. Amayi ankaphika nsima, agogo ankasenda chinangwa, ana ankasewera phada pabwalo. Mbuzi zinkadya makoko kuseri kwa nkhokwe. Mwadzidzidzi mvula inagwa, onse anathawira m'nyumba."

Wophunzira akakamva kawiri katatu, khutu limatola lokha kuti koyambirira kwa mneni kukusintha, li-, a-, zi-, koma -nka- sakusuntha. Chiganizo chomalizacho chaikidwa dala. Mmenemo -nka- wasowa, walowa -na-, chifukwa mvula yadukiza zonse zimene zinkachitika.

Olemba ena amasakaniza "ankaphika" ndi "amaphika" m'kankhani kamodzi. Kwa ine kumeneko n'kumusokoneza mlendo. Papepala "amaphika" angatanthauze kale kapena masiku onse, ndipo chosiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, komwe sitilemba. Muyeneranso kupewa mawu ngati "chaka chilichonse", poti -nka- akatsagana nawo amanena chizolowezi chakale, osati zimene zinali mkati madzulo amenewo.