Kuitana ndi Kuyankha m'Mawu Anayi

Mphunzitsi wa kwaya akamakonza nyimbo yoitana ndi kuyankha, mutu umamupweteka pomwe wotsogolera amakumana ndi gulu. M'nyimbo zambiri zakwathu, oyankha amalowa woitana asanamalize liwu lake lomaliza. Akadikira, pamakhala mpata, ndipo nyimbo imazizira.

Poyankhapo, soprano amanyamula nyimbo yeniyeni. Ikathera pa do wapamwamba, alito aime pa so, tenala pa mi, besi pa do wapansi. Koma Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake, choncho alito ndi tenala azikwera ndi kutsika limodzi ndi soprano kuti mawu amveke.

Woitana akamira, cholakwa si kukhosi kwake: gulu likuimba mokweza pa noti yake yomweyo.