Kuyeza kukula kwa tsamba: pepala la timabokosi ndi chithunzi cha pa foni

Mphunzitsi wa zaulimi kapena bayoloje akakutumani kuti mufufuze ngati mbatata ya pamthunzi ili ndi masamba aakulu kuposa ya padzuwa, kunena kuti “akuoneka aakulu” sikukwanira. Pafunika nambala. Rula payokha singakupatseni nambalayo, chifukwa tsamba lilibe mbali zowongoka ngati chitseko. Chomwe tikufuna kudziwa ndi malo onse omwe tsamba limaphimba likagonekedwa pansi, omwe m'kalasi la masamu timawatcha eriya, ndipo timawayeza m'masikweya sentimita (cm²). Malowa ndi amene amalandira kuwala kwa dzuwa kuti mbewu ipange chakudya, n'chifukwa chake ofufuza amayamba ndi iwo pofuna kuona momwe manyowa, chilala kapena mbozi zakhudzira mbewu.

Pali njira ziwiri zomwe wophunzira aliyense angakwanitse: kulemba mzere wozungulira tsamba pa pepala la timabokosi, ndi kulitola chithunzi kuti kompyuta iwerenge. Ndi bwino kuzichita zonse ziwiri pa tsamba limodzi, chifukwa ina imaulula pomwe inzake yalakwika.

Yambani ndi kabokosi

Musanathyole tsamba, yezani kabokosi ka pepala lanu ndi rula. Pepala la girafu lomwe ambiri timagwiritsa ntchito lili ndi timabokosi ting'onoting'ono ta milimita imodzi mbali zonse, ndipo mizere yokhuthala imatchinga mabokosi a sentimita imodzi. Bokosi limodzi lalikulu ndi 1 cm², ndipo mkati mwake muli timabokosi 100.

Ngati mukugwiritsa ntchito kope la masamu, musangoganiza kuti timabokosi take ndi ta sentimita imodzi, pakuti makope amasiyana. Yezani timabokosi khumi motsatana, mugawe ndi khumi. Kabokosi kakakhala ka mamilimita 5 mbali zonse, eriya yake ndi 0.5 × 0.5, yomwe ndi 0.25 cm². Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa: amachulukitsa timabokosi ndi 0.5 m'malo mwa 0.25, tsamba n'kutuluka lalikulu kawiri kuposa mmene lilili.

Kulemba mzere wa tsamba

Thyolani masamba m'mawa akadali olimba, muwaike m'jumbo momwe muli kansalu konyowa, ndipo muwayeze nthawi isanapite. Tsamba likafota limakhwinyata komanso limachepa, makamaka masamba ofewa ngati kholowa ndi khwanya. Dulani kamtengo kolumikiza tsamba ku tsinde, chifukwa sikawerengedwa. Ligonekeni pa pepala chagada, mbali ya mitsempha ili pamwamba, kuti likhudze pepala bwinobwino.

Pensulo ikhale yosongoka ndipo iime chilili. Mukaipendeka, nsonga imalowa kunsi kwa tsamba kapena imatuluka kunja, mzere n'kusiya kutsata m'mphepete mwenimweni. Dzanja lina lipanikize tsamba kuti lisasunthe, ndipo likasuntha yambiraninso pa pepala lina. Ngati tizilombo tinaboola tsambalo, lembaninso mizere ya mabowo. Mukatha, lembani pambali nambala ya tsamba, dzina la mbewu, tsiku ndi malo omwe lachokera. Timayeza mbali imodzi yokha ya tsamba, osati kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kuwerenga timabokosi

Tiyeni titenge chitsanzo cha tsamba la kholowa la mtundu wosagawikana, lomwe talemba pa pepala la girafu. Poyamba tiwerenge mabokosi a sentimita imodzi omwe ali mkati mwa mzere athunthu, tikuika kadontho pa lililonse kuti tisaliwerenge kawiri. Tinene kuti tapeza 41. Kenako tiwerenge onse omwe mzere wadutsamo, tikuwaika kamtanda. Tapeza 40.

Mwa mabokosi odulidwawa, ena adzaza pafupifupi onse, ena angokhudzidwa pakona. Akakhala ambiri chonchi, odzaza kwambiri amalipirira osadzaza, moti tikhoza kutenga lililonse ngati theka. Ndiye kuti 40 ÷ 2 ndi 20, ndipo tsamba lonse ndi 41 + 20, kapena kuti 61 cm². Aphunzitsi ena amakonda lamulo lina: bokosi lodzaza theka kapena kuposa liwerengedwe lathunthu, losafika theka lisiyidwe. Malamulo onse awiri ndi abwino, koma sankhani limodzi, mulitsate pa masamba onse, ndipo mulitchule mu lipoti lanu.

Tsopano mabowo. Popeza ndi aang'ono, tiwawerenge ndi timabokosi ta milimita. Ngati mabowo onse atenga timabokosi 320, ndiye kuti ndi 3.2 cm². Tsamba lomwe latsala ndi 61 − 3.2, yomwe ndi 57.8 cm², ndipo tizilombo tadya pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse.

Njirayi imafooka pamene mabokosi odulidwa achuluka kwambiri kuposa athunthu, chifukwa pamenepo gawo lalikulu la yankho ndi longoyerekeza. Izi zimachitika ndi timasamba ting'onoting'ono ngati ta mtedza, kapena masamba ogawikana ngati zala monga a chinangwa. Zikatero gwiritsani ntchito timabokosi tating'ono. Tsamba la chimanga nalo silikwana pa pepala limodzi: lidulenidulenini m'zidutswa, muyeze chilichonse, muphatikize. Akatswiri a zaulimi amayerekeza tsamba la chimanga pochulukitsa mulitali ndi mulifupi wa pomwe latambalala kwambiri, kenako n'kuchulukitsa ndi 0.75. Nambala imeneyi ndi ya chimanga, musaitengere ku mbatata kapena nyemba.

Kutola chithunzi

Kamera sidziwa sentimita. Imangodziwa timadontho tomwe timapanga chithunzi, totchedwa mapikiselo. Choncho chithunzi chilichonse chikhale ndi rula pafupi ndi tsamba, kuti tidziwe mapikiselo angati akupanga sentimita imodzi. Goneketsani tsamba pa pepala loyera lopanda mizere, pakuti mizere ya girafu imasokoneza kompyuta posiyanitsa tsamba ndi pepala. Ikani rula pambali, ndi kapepala kakuda komwe mwadula mosamala kukhala sentimita 5 mbali zonse. Ntchito yake tiiona posachedwa.

Zinthu zitatu ndi zomwe zimaononga zithunzi zambiri. Choyamba ndi kupendeka kwa foni. Foni ikhale chopingasa pamwamba penipeni pa tsamba, yoyang'ana pansi molunjika. Ikapendeka, mbali ya pafupi imaoneka yaikulu kuposa ya kutali. Kuti isagwedezeke, sanjikizani mabuku milu iwiri yofanana msinkhu, muyale thabwa pamwamba, foni igone pa thabwalo kamera itasuzumira pansi.

Chachiwiri ndi tsamba lotukuka. Chinthu chikayandikira kamera chimaoneka chachikulu. Ngati foni ili masentimita 30 kuchokera pa pepala pomwe pali rula, koma tsamba latukuka ndi masentimita awiri okha, eriya yake imaoneka yokulirapo ndi pafupifupi magawo 15 pa 100. Panikizani tsamba ndi galasi la windo kapena pulasitiki yolimba yoonekera mkati, rula ili pansi pa galasi lomwelo, ndipo foni muitalikitse pang'ono m'malo moiyandikitsa.

Chachitatu ndi mthunzi. Padzuwa lowala, tsamba limakhala ndi kamthunzi m'mbali, ndipo kompyuta imakawerenga ngati tsamba. Tolani chithunzi pakhonde kapena pafupi ndi windo pomwe kuwala kuli kofatsa, ndipo zimitsani kuwala kwa foni chifukwa kumanyezimira pa galasi.

Kuwerenga pa kompyuta

Pulogalamu yomwe ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito ndi ImageJ. Ndi yaulere, ndipo anaipanga ndi Wayne Rasband ku bungwe la National Institutes of Health la ku America. Mukatsegula chithunzi, sankhani chida cholembera mzere wowongoka, mulembe mzere pa rula kuchokera pa 0 kufika pa 10. Mzere wautali chonchi ndi wabwino kuposa wa sentimita imodzi, chifukwa dzanja likaphonya pang'ono cholakwacho chimachepa. Kenako pitani pa Analyze > Set Scale, mulembe 10 pa Known distance ndi cm pa Unit of length.

Mukatero sankhani Image > Type > 8-bit kuti chithunzi chikhale chotuwa, kenako Image > Adjust > Threshold. Sunthani timipiringidzo mpaka tsamba lonse litadzaza ndi mtundu umodzi, pepala ndi mabowo zitatsala zoyera. Apa yang'anitsitsani ndi maso anu: ngati mitsempha yoyererako yasiyidwa, eriya ichepa, ndipo ngati mthunzi walowa, ikula. Mukakhutira, pitani pa Analyze > Analyze Particles, muchonge Display results. Include holes musaichonge ngati mukufuna kuti mabowo asawerengedwe. Kuti zinambala za pa rula ndi tizinyalala zisadzaze tebulo la zotsatira, lembani 1-Infinity pa Size.

Zomwe kompyuta ikuchita ndi masamu omwe aja a timabokosi. Tinene kuti masentimita 10 a pa rula atenga mapikiselo 1,200. Sentimita imodzi ndi mapikiselo 120, ndipo sikweya sentimita imodzi ndi 120 × 120, kapena kuti 14,400. Tsamba lathu la kholowa likatenga mapikiselo 835,200, tigawa ndi 14,400 n'kupeza 58.0 cm². Pa pepala tinapeza 57.8 cm². Kugwirizana kotere kumatipatsa chikhulupiriro chakuti njira zonse ziwiri zayenda bwino.

Mungadziwe bwanji kuti mwalakwitsa?

Yang'anani kaye kapepala kakuda kaja. Kayenera kutuluka 25 cm². Kakatuluka 24.8 kapena 25.3, palibe chodetsa nkhawa. Kakatuluka 22 kapena 28, foni inapendeka kapena muyeso wa rula unalembedwa molakwika, ndipo nambala ya tsamba musaikhulupirire. Kumbukiraninso kuti foni ikasuntha muyeso umasintha, choncho Set Scale ichitike pa chithunzi chilichonse.

Kenako yerekezani njira ziwirizi. Ngati pepala likupereka nambala yokulirapo pa tsamba lililonse, n'kutheka kuti pensulo ikudutsa kunja kwa tsamba. Ngati chithunzi ndicho chikukulitsa, fufuzani mthunzi kapena tsamba lotukuka. Zikasiyana ndi magawo oposa 5 pa 100, bwerezani tsambalo lisanafote.

Chotsiriza ndi kasankhidwe ka masamba, komwe pepala kapena kompyuta sizingakukonzereni. Mukathyola tsamba lokhwima pa mbatata ya pamthunzi ndi lanthete pa ya padzuwa, mukhala mwayeza msinkhu wa masamba osati mphamvu ya mthunzi. Gwirizanani pagulu panu musanalowe m'munda, mwachitsanzo kuti aliyense atenge tsamba lachisanu kuchokera kunsonga, pa mbewu zosachepera khumi mbali iliyonse. Mu lipoti lembani eriya ya tsamba lililonse, avereji ya gulu lililonse, kukula kwa kabokosi ka pepala lanu ndi lamulo lomwe munatsata powerenga. Mapepala ndi zithunzi musunge, kuti mphunzitsi kapena mnzanu akakayika athe kuwerenganso yekha.