Mpikisano wa utsi ndi miyendo: momwe ainjiniya amawerengera nthawi yothawira moto

Moto ukabuka m'nyumba yodzaza anthu, pamakhala nthawi ziwiri zimene zimayamba kuwerengedwa pamodzi. Yoyamba ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pamene moto wayaka kufika pamene utsi ndi kutentha zaipitsa malowo moti munthu sangathenso kudzipulumutsa. Iyi ndi nthawi yopezeka, ndipo m'mapepala a ainjiniya amailemba kuti ASET. Yachiwiri ndi nthawi imene anthu onse akufunikira kuti atuluke, kuchokera pamene moto womwewo wayaka kufika pamene munthu womaliza wafika pamalo otetezeka. Iyi ndi nthawi yofunika, yolembedwa kuti RSET. Nyumba imayesedwa yabwino ngati ASET > RSET, ndipo kusiyana kwake kuyenera kukhala kokwanira.

Njira yakale yomangira imangotsatira malamulo olembedwa kale, onena kuti khomo likhale lotambalala chonchi ndipo mtunda wokafika pakhomo usapitirire mamita akutiakuti. Malamulo otere amagwira bwino pa nyumba wamba. Koma Lusaka wa lero ali ndi nyumba zimene sizilowa bwino m'malamulo amenewo, monga misika yamakono ya Manda Hill ndi Levy, kumene masitolo ambiri amatsegukira m'khonde limodzi lalitali pansi pa denga limodzi. Pa nyumba zotere injiniya amaloledwa kusonyeza ndi masamu kuti anthu adzatuluka utsi usanawapeze. Ambiri amatsatira ndondomeko ya ku Britain yotchedwa BS 7974. Mzinda wa Lusaka ukudziwa zimene moto umachita: nyumba ya nsanjika ya Society House pa msewu wa Cairo inapsa mu 1997, ndipo msika wa City Market unapsa pa 4 Julaye 2017.

Kuwerengera nthawi yopezeka kumayamba ndi kusankha moto umene ungabuke pamalopo. Moto sukula mofanana nthawi yonse. Nthawi ikawirikiza kawiri, mphamvu ya moto imawirikiza kanayi, ndipo ainjiniya amalemba zimenezi kuti Q = αt². Pali magulu anayi odziwika. Moto wochedwa umafika mphamvu ya megawati imodzi pa masekondi 600, wapakati pa masekondi 300, wofulumira pa masekondi 150, ndipo wofulumira kwambiri pa masekondi 75. Megawati imodzi ndi ngati mpando umodzi wa siponji umene ukuyaka wonse. Ofesi ya mapepala ndi madesiki imaikidwa m'gulu lapakati, sitolo wamba m'gulu lofulumira, pamene mulu wa matiresi a siponji oimikidwa umapita m'gulu lomaliza.

Chimene chimapha anthu ambiri pa ngozi za moto si malawi koma utsi. Utsi wotentha umakwera, n'kufalikira kunsi kwa denga, kenako n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono ngati madzi odzaza m'mbale yovundikira. Nthawi yopezeka imatha pamene chimodzi mwa zinthu zingapo chachitika, chilichonse chimene chayambirira. Utsi ukatsika kufika mamita awiri kuchokera pansi, anthu amayamba kuupuma. Utsi wa m'mwamba ukatentha kupitirira madigiri 200, umawaula anthu ngakhale usanawakhudze. Munthu akalephera kuona mtunda wa mamita 10 m'chipinda chachikulu, amasochera kapena kubwerera m'mbuyo. Palinso mpweya wa poizoni wa kaboni monokisaidi, umene umaunjikana m'magazi mpaka munthu kukomoka.

Nthawi yofunika ili ndi zigawo zinayi zotsatana. Choyamba ndi nthawi yoti moto udziwike, kaya ndi kachipangizo kozindikira utsi kapena ndi maso a munthu. Chachiwiri ndi nthawi yoti alamu ilire. Chachitatu ndi nthawi imene anthu amataya asanayambe kuyenda. Chachinayi ndi ulendo weniweni, kuphatikizapo kudikira pamzere pakhomo.

Chigawo chachitatu ndicho chovuta kuwerengera, ndipo nthawi zambiri ndicho chachitali. Anthu akamva alamu sathamanga nthawi yomweyo. Amayang'anana, amaganiza kuti ndi kuyeserera chabe, mayi amafunafuna mwana amene anali ku mashelefu a zoseweretsa, ndipo amene wafika pa thilu safuna kusiya katundu amene waimira mzere kwa theka la ola. Mu 1979 moto unabuka m'sitolo ya Woolworths mumzinda wa Manchester n'kupha anthu 10, ambiri mwa iwo m'chigawo chodyeramo, kumene ena anachedwa kunyamuka pofuna kumaliza chakudya kapena kulipira. N'chifukwa chake uthenga wa mawu pa zokuzira mawu, pamodzi ndi antchito ophunzitsidwa amene amauza anthu kuti atuluke, umafupikitsa nthawi imeneyi kuposa belu longolira.

Chigawo chachinayi chili ndi manambala odalirika. Munthu wamkulu pamalo opanda chigulu amayenda pafupifupi mamita 1.2 pa sekondi. Pakhomo pamadutsa pafupifupi anthu 1.3 pa sekondi pa mita iliyonse, koma powerengera amachotsa masentimita 15 mbali iliyonse chifukwa anthu sayenda mokhula mafelemu. Khomo la mamita 1.8 limatsala ndi mamita 1.5 ogwira ntchito, ndipo limatulutsa anthu pafupifupi awiri pa sekondi.

Chitsanzo chongoyerekeza chimaonetsa momwe zonsezi zimalumikizirana. Pali sitolo yaikulu ku Woodlands, ya mamita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi, denga lake lili mamita 5 m'mwamba. Loweruka la kumapeto kwa mwezi mumakhala anthu 600. Makomo alipo atatu, lililonse la mamita 1.8: limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. Mulibe mipopi yowaza madzi yokha kapena makina okoka utsi. Ndi moto wofulumira, masamu amaonetsa kuti utsi udzatsika kufika mamita awiri pakatha masekondi pafupifupi 400. Imeneyo ndiyo nthawi yopezeka.

Powerengera nthawi yofunika, injiniya amayamba ndi kutaya khomo limodzi, poganiza kuti moto ungabuke pafupi nalo. Atsala awiri, otulutsa anthu anayi pa sekondi, choncho anthu 600 adzatha pa masekondi 150. Kudziwika kwa moto ndi kulira kwa alamu kwatenga masekondi 60. Anthu oyamba akunyamuka patadutsa masekondi enanso 60, ndipo akufika pakhomo pa masekondi 20. Zonse pamodzi ndi masekondi 290. Kusiyana ndi 400 ndi masekondi 110. Ainjiniya ena amafuna kuti nthawi yopezeka ipose yofunika ndi theka, ena kuti iwirikize kawiri. Pa muyeso wa theka pakanafunika masekondi 435, ndiye kuti sitolo imeneyi yapereŵera pang'ono ndipo pulani iyenera kukonzedwanso.

Kukonza kumachitika mbali ziwiri. Nthawi yopezeka imatalika poika mipopi yowaza madzi imene imaletsa moto kukula, potsegula njira za utsi padenga, kapena pokweza denga kuti utsi ukhale ndi malo ambiri odzaza. Nthawi yofunika imafupika powonjezera khomo, poika alamu ya mawu, kapena pochepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa kulowa. M'chitsanzochi khomo lachinayi lingatsitse nthawi ya pamzere kuchoka pa masekondi 150 kufika pa 100, zonse n'kukhala 240.

Vuto lalikulu ndi lakuti masamuwa amaima pa zinthu zimene zimasintha nyumba ikatsegulidwa. Mwini sitolo akamanga khomo limodzi lakumbuyo ndi unyolo poopa akuba, ndipo moto n'kutseka lina, anthu 600 amadalira khomo limodzi. Mzere umatenga masekondi 300, zonse n'kukhala 440. Pa sekondi ya 400, pamene utsi wafika kumaso, anthu 80 amakhala adakali m'kati. Malo omwewo akabwerekedwa kwa wogulitsa matiresi, moto umalowa m'gulu lofulumira kwambiri, ndipo nthawi yopezeka imatsika kufika pafupifupi masekondi 300, pafupifupi yofanana ndi 290 ija. Magetsi nawonso ali ndi mbali yake. Mu 2024, madzi atachepa m'damu la Kariba, madera a Lusaka ankakhala maola ambiri tsiku lililonse opanda magetsi. Batire ya alamu ndi ya nyale zadzidzidzi ikamangotha osadzaza bwino imafooka msanga. Alamu ikafa, moto umadziwika pokhapokha wina ataona utsi, ndipo mumdima anthu amayenda pang'onopang'ono.

Palinso khalidwe la anthu lokonda kutulukira pamene analowera. Pa moto wa malo ovinira a The Station ku Rhode Island, m'dziko la America, mu 2003, anthu 100 anafa. Ofufuza anapeza kuti mbali ina ya nyumbayo inali itaipa kale pasanathe masekondi 90, ndipo ambiri anapanikizana pakhomo lakutsogolo ngakhale panali makomo ena. Ku Asunción, m'dziko la Paraguay, mu 2004, anthu pafupifupi 400 anafera m'sitolo ya Ycuá Bolaños, kumene makomo anatsekedwa moto utayamba. Pulani imene imagawa anthu mofanana pa makomo onse imanama ngati palibe antchito owalozera makomo akumbuyo.

Mtundu wa nyumba umasinthanso kawerengedwe. M'nyumba yaitali ngati Findeco House, ya nsanjika 23, nthawi yofunika imawerengedwa choyamba kufika pa masitepe otetezedwa ndi zitseko zosagwira moto msanga, ndipo masitepewo amasiya kukhala otetezeka chitseko chikangosiyidwa chotsegula ndi mwala kapena kathabwa. M'malo ogona alendo a ku Kabulonga, anthu amene ali mtulo angachedwe mphindi zambiri asananyamuke. M'mafulati a ku Kabwata ndi m'nyumba za ku Chelstone, mipiringidzo ya m'mawindo ndi geti lachitsulo lokhoma ndi loko zimaika nthawi yonse yothawira pa funso limodzi, loti kiyi ali kuti. M'chipatala, odwala ogona pabedi amasunthidwa ndi anamwino, ndipo chiwerengero cha anamwino a usiku ndicho chimalamula nthawi.

Kufika kwa ozimitsa moto a khonsolo ya Lusaka sikulowa m'masamu amenewa. Nthawi yopezeka m'chitsanzo chija ndi yosakwana mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo galimoto yochokera pakati pa mzinda singadaliridwe kuti ifika kale pa nthawi imeneyo. Choncho lipoti la injiniya limalemba chilichonse chimene anadalira: chiwerengero cha anthu, mtundu wa katundu, makomo otseguka, alamu yogwira ntchito ndi antchito ophunzitsidwa. Chimodzi mwa zimenezi chikasintha, masamu ayenera kuchitidwanso, chifukwa nyumbayo siikhalanso ija imene inavomerezedwa.